Mmene ndinalembera kalata yosiya uphunzitsi kuti ndibwerere ku sukulu

Nditalandira kalata yoti anditenga ku UNZA, yunivesite ya Zambia, kukachita digiri yachiwiri ya zamaphunziro, funso loyamba la ahedi athu linali lakuti, "Amayi, bwanji osangopempha tchuthi chokaphunzira?" Funsoli n'lanzeru, ndipo aliyense aliganizire asanagwire cholembera. Tchuthi chimasunga malo ako pa ntchito, koma chikakhala cholipidwa umasaina kuti ukamaliza udzabwerera kudzagwiranso ntchito kwa nthawi yoikika. Ine mtima wanga unali pa kafukufuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi m'makoleji, choncho kulonjeza kubwerera m'kalasi kukanakhala kunama. Ndinasankha kusiya.

Ndisanalembe chilichonse ndinawerengera masiku mobwerera m'mbuyo. Mphunzitsi wa boma amene anatsimikizidwa pa ntchito amapereka notisi ya miyezi itatu, apo ayi amalipira boma malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisiyo. Anzathu a m'sukulu zapulaiveti ayambe awerenga kontilakiti yawo. Lamulo la ntchito la 2019 limati ngati kontilakiti ndi yopitirira miyezi itatu ndipo sinatchule za notisi, notisi yake ndi masiku 30. Ine ndinkafuna kutuluka pa 31 Disembala, ndiye kalata inayenera kufika pa tebulo la ahedi pa 1 Okutobala. Tsikuli ndinalisankha dala. Ndinali ndi ana a Giredi 12, ndipo kuwasiya mayeso asanalembedwe chikanakhala chinthu chochititsa manyazi. Kutuluka kumapeto kwa temu yachitatu kunapatsanso sukulu mpata wopeza munthu Januwale asanafike.

Kalata yeniyeniyo ndi yaifupi kwambiri, tsamba limodzi silidzaza. Imalembedwa m'Chingerezi, ndipo ngakhale umaipereka kwa ahedi, siipita kwa iwo okha. Amene amalemba ndi kuchotsa aphunzitsi a boma ndi Teaching Service Commission, kotero kalata imakwera makwerero: ahedi, kenako a DEBS, oyang'anira maphunziro m'distilikiti, kenako a PEO, oyang'anira maphunziro m'chigawo. Pamwamba pa kalata umandandalika maofesi amenewa, iliyonse ndi zilembo zoti `u.f.s.` patsogolo pake, kusonyeza kuti ikudutsa mmenemo, ndipo umasiya malo oti aliyense asaine ndi kudinda. Pansi pa dzina langa ndinaika nambala ya TS, yomwe ndi ya fayilo yanga ya uphunzitsi, nambala ya pa peyisilipi ndi ya chitupa cha NRC. Mayina amafanana, koma fayilo amaipeza ndi nambala.

M'kati ndinanena zinthu zinayi: kuti ndikusiya ntchito, kuti notisi ikuyamba pa 1 Okutobala ndipo tsiku lomaliza ndi 31 Disembala, kuti chifukwa chake ndi maphunziro, ndi kuti ndidzapereka zonse za sukulu ndisanachoke. Kenaka mzere umodzi wothokoza. Za kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi madandaulo ena a m'chipinda cha aphunzitsi sindinazitchule n'komwe. Kalatayi imakhala m'fayilo zaka zambiri, ndipo amene ukuwalembera lero ndi omwewo udzawapempha chilolezo cholowa m'masukulu awo pochita kafukufuku.

Ndinasindikiza makope angapo, ndipo pa ofesi iliyonse ndinkapempha kuti andidindire kope langa ndi deti. Musachite nazo manyazi zimenezi. Popanda chidindo palibe umboni wa tsiku limene notisi inayamba, ndipo amene wangosowa pa ntchito kalata yake isanadziwike amatengedwa ngati wothawa ntchito, mapeto ake n'kuchotsedwa. Kuchotsedwa ndi kusiya wekha sizifanana ukadzafuna kubwerera m'boma.

Pa ndalama mpamene pamafunika maso. Dzina silichoka pa mndandanda wa malipiro tsiku lomwelo. Malipiro akalowa mu Januwale iwe utachoka mu Disembala, ndalamazo si zako. Usazikhudze, lemba kalata yodziwitsa ofesi, chifukwa zidzafunidwa. Ngongole imene inkadulidwa pa peyisilipi nayonso siifa ndi ntchito. Ine ndinapita kubanki notisi ili m'kati kukagwirizana nawo kalipiridwe kena. Masiku a tchuthi amene sindinagwiritse ntchito ndinapempha kuti awerengedwe n'kulembedwa. Zopereka zanga za penshoni ku NAPSA zinatsala pa nambala yanga, zidzapitirira ndikadzayamba ntchito ina. Laisensi ya ku Teaching Council of Zambia ndikuilipirabe, poti ndi ya ntchito ya uphunzitsi, si ya sukulu imene ndinachokako.

Sabata yomaliza ndinapereka marejisitala, mabuku a mamakisi, masikimu ndi makiyi a kabati kwa mkulu wa dipatimenti, tonse awiri n'kusaina pa pepala losonyeza zimene zaperekedwa. Ndinalembanso pamene kalasi iliyonse yalekezera pa silabasi, mutu ndi mutu, kuti wodzalowa m'malo mwanga asadzayambe n'kufunsa ana.