Zithunzi 412 za pa chinkhoswe, zinatsala zitatu

Pa chinkhoswe cha achemwali anga ku Kawale, wojambula ndinali ine, ndi kamera yobwereka kwa mnzanga wa m'kalasi. Ndinajambula masiku atatu: tsiku lokonzekera, tsiku la mwambo ndi mawa lake. Nditakopera zithunzi zonse 412 mu laputopu, ndinazifufuta pa memori khadi n'kubweza kamera.

Usiku womwewo, kuchipinda kwanga ku Area 25, ndinafuna kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi dzina la tsiku lomwe chinajambulidwa. Ndinalemba kapulogalamu aka:

```
for f in *.JPG; do
  mv "$f" "$(date -r "$f" +%F).jpg"
done
```

Kanamaliza osadandaula chilichonse. Nditalemba `ls`, panatuluka mafayilo atatu okha. Thupi lonse linazizira.

Vuto lake ndi ili: `%F` imapereka chaka, mwezi ndi tsiku basi, ndiye zithunzi zonse za tsiku limodzi zinalandira dzina limodzi. Tsono `mv` ikapeza dzina lomwe lilipo kale sifunsa, imangoika fayilo yatsopano m'malo mwa yakaleyo, ndipo yakaleyo sipitanso ku `Trash`. Chotsala chinali chithunzi chomaliza cha tsiku lililonse.

Pa laputopu ndinalibe chiyembekezo chambiri, chifukwa disiki yake ndi SSD, yomwe imayeretsa msanga malo a mafayilo ofufutidwa. Ndinaimbira mnzanga uja.

"Aise, kamera ija usajambulenso kanthu, ndikubwera mamawa."

"Ndajambulapo kale zingapo kutchalitchi," anatero.

Kufufuta pa khadi kumangochotsa dzina pa mndandanda. Chithunzicho chimakhalabe mpaka china chitalembedwa pamalo pake, ndiye chilichonse chimene anajambula chinkatha kudya changa. Nditakatenga khadiyo ndinailowetsa mu laputopu, n'kutsegula `photorec`, pulogalamu yobwezeretsa mafayilo ofufutidwa, n'kuiuza kuti zopezekazo iziika pa fulashi. Mukaziika pa khadi yomweyo mumakwirira zomwe mukufunafunazo. Zinabwera m'foda ya `recup_dir.1` zili ndi mayina a chilembo `f` ndi manambala. Zotseguka bwino zinali 371. Mwa zotayikazo munali cha agogo akulangiza achemwali, ndipo chimandipwetekabe mumtima.

Panopa ndisanayendetse kapulogalamu kokhudza mafayilo, ndimayamba ndaika `echo` kutsogolo kwa `mv` kuti ndiwerenge zomwe kakufuna kuchita. Ndikanatero usiku uja, ndikanaona dzina limodzi likubwerezedwa mzere ndi mzere. Ndimagwiritsanso `mv -n`, yomwe imakana kulemba pamwamba pa fayilo ina.

Lamlungu lililonse ndimalumikiza disiki yapadera kuti ndikopererepo zithunzi zatsopano, n'kulemba:

```
rsync -a --ignore-existing ~/Zithunzi/ /media/disiki/Zithunzi/
```

Sindiikapo `--delete`, chifukwa ikanafufuta pa disikiyo chilichonse chimene chasowa pa laputopu, kulakwitsa kwanga n'kufika konse kuwiri. Ndikamaliza ndimatsegula zithunzi zingapo pa disikiyo kuti nditsimikize, kenako ndimaizula. Disiki yachiwiri imakhala kwa achemwali ku Kawale, ndipo ndimakaisinthanitsa ndi yangayi mwezi ukatha.