Mmene ndimakonzera lipoti la pachaka la sosaite yathu ya maliro kuti limveke kuti ndani anachita chani

Ine ndine mlembi wa sosaite ya maliro kuno ku Harare, mamembala athu ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi ndipo amakhala ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa, ena ku Epworth. Lipoti la pachaka timalemba m'Chichewa chifukwa limawerengedwa mokweza pamsonkhano waukulu ndipo agogo athu amafuna kumva okha ndi makutu awo. Komiti ya zachuma imalemba gawo lake, ya chisamaliro lake, kenako zonse zimabwera kwa ine pa WhatsApp kuti ndiphatikize. Ntchito yaikulu imene ndimagwira pamenepo ndi kusintha mawu aatali aja a kayendetsedwe, kasonkhetsedwe, kukhazikitsidwa kwa chakuti, kuti akhale aneni enieni amene ali ndi mwini wake komanso nthawi yake.

Ndikangokopera zonse mu Word, sindiyamba ndi kuwerenga ayi, ndimayamba ndi kusaka. Ndimadina Ctrl+F nkulemba "idwe", kenako "edwe", kenako "idwa kwa" ndi "edwa kwa", ndipo paliponse pamene zapezeka ndimapaka chikasu. Ndimasakanso "panali", "kuchitika" ndi "zinadzetsa", chifukwa amenewa ndi aneni opanda kanthu amene amangonyamulira dzina lolemera lija, ntchito yeniyeni ili yobisika mkati mwa dzinalo. Ukamaliza kupaka umaona wekha ndime zimene zadwala, zina zimachita kukhala zachikasu zokhazokha.

Chaka chathachi a komiti ya zachuma ananditumizira chiganizo ichi, ndachikopera mmene chinalili:

"M'chaka chimene tikukambachi panali kuchedwa kwa kaperekedwe ka chithandizo kwa mabanja oferedwa chifukwa cha kusayenda bwino kwa kasonkhetsedwe ka ndalama, zomwe zinadzetsa kuunikidwanso kwa kayendetsedwe ka thumba ndi kukhazikitsidwa kwa njira zatsopano."

Chikumveka chaulemu, chaofesi, ndipo amene analemba sanafune kunamiza munthu, ndi mmene tonse tinazolowerera kuti lipoti limayankhula choncho. Koma mayi amene anadikira ndalama ya bokosi mwamuna wawo ali ku motchale sapezamo yankho lililonse. Vuto lake ndi la galamala ndithu: mneni wa Chichewa kawirikawiri amakhala ndi kaphatikizo kosonyeza wochita ndi kosonyeza nthawi, ukati "tinachedwa" wanena kale kuti ndife ndipo zinachitika kale, ukati "adzapereka" wanena kuti ndi iwo ndipo sanaperekebe. Koma "kaperekedwe" alibe mwini, alibe dzulo kapena mawa, ndiye munthu atha kulemba tsamba lonse osatchula amene anagwira ndalama.

Ndiye dzina lililonse lachikasu ndimalifunsa mafunso omwewo, ndani, anachita chani kwenikweni, liti, zingati. Mayankho ake sali m'mutu mwanga, ali m'buku la maminitsi, m'buku la msungichuma ndi m'malisiti, nchifukwa chake ntchitoyi siitheka uli ndi laputopu yokha, mabuku aja azikhala pathebulo pomwepo otsegula.

"Kuchedwa kwa kaperekedwe ka chithandizo" ndi kumene kunali kosavuta. Malamulo athu amati banja lilandire madola 300 a ku America pasanathe masiku awiri chitimvereni uthenga wa maliro. M'buku munali maliro 7 chaka chonse, anayi tinalipira nthawi yake, atatu a mu Julayi ndi Ogasiti tinalipira patatha masiku 6, 9 ndi 12. Wochedwa ndi ife sosaite, ndiye chiganizo chinakhala "Tinachedwa kulipira mabanja atatu", manambala nkutsatira.

Pamene panavuta ndi pa "kusayenda bwino kwa kasonkhetsedwe". Mawu amenewa anaphimba zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo zimachitika kawirikawiri kuti dzina limodzi lalitali limameza nkhani ziwiri kapena zitatu. Choyamba, mamembala 21 mwa 90 sanapereke madola awiri a pamwezi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndiye kuti madola 126 sanalowe. Chachiwiri, kudera lina anthu anapereka bwinobwino koma otolera anachedwa kubweretsa madola 90 mpaka msonkhano wa kumapeto kwa Ogasiti. Taonani kusiyana kwake, kwinaku anthu sanapereke, kwinaku anapereka koma ndalama sinafike, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Ukasiya "kasonkhetsedwe" msonkhano umathera kudzudzula mamembala onse kuti ndinu aulesi pamene ena mwa iwo ali ndi malisiti m'thumba.

Apa mpamene pamafunika kusamala posankha mneni, chifukwa mneni asapitirire umboni umene uli nawo. Mmodzi wa akomiti atamva za madola 90 aja anati lembani kuti anadya ndalama. Ine ndinakana, buku likusonyeza kuti ndalama inafika yonse, inangofika mochedwa. "Anadya", "anabisa", "anasunga", "anachedwa kubweretsa", onsewa ndi aneni omveka bwino koma amene malisiti akumuchitira umboni ndi womalizayo basi. Ndinaimbira foni bambo msungichuma kuti nditsimikize tsiku.

"Bambo, pepani ndakusokonezani, ndalama ya kudera kuja munailandira liti kwenikweni?"

"Pa 31 Ogasiti mwanangu, ndinalemba lisiti pamaso pa mayi tcheya. Koma dzina la munthu musaliike m'lipoti, tinakambirana nawo kale ndipo anapepesa."

Anali kunena zoona, ndipo kutchula wochita sikutanthauza kutchula dzina la munthu. Udindo umakwanira: otolera ndalama, komiti ya zachuma, msungichuma, mamembala 21. Aliyense akudziwa khomo loti akagogode popanda kuchititsa munthu manyazi pagulu.

"Kuunikidwanso kwa kayendetsedwe ka thumba" ndinakakupeza m'maminitsi a pa 14 Sepitembala. Chimene chinachitika nchakuti anthu anayi anakhala pansi, anawerenga ndalama imene inali m'manja, nkuyerekeza buku ndi malisiti mwezi ndi mwezi, ndipo zinagwirizana. Mawu oti kuunika ndimawakayikira nthawi zonse chifukwa atha kutanthauza kungoyang'ana pamwamba kapena kufufuza tsamba lililonse, ndiye ndimalemba zimene manja anachita, anawerenga, anayerekeza, anapeza.

Koma chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi "kukhazikitsidwa kwa njira zatsopano". Aliyense womva angaganize kuti njirazo zayamba kale kugwira ntchito. Maminitsi akuti komiti inagwirizana zokapempha msonkhano waukulu kuti otolera azitumiza ndalama kwa msungichuma pa foni kudzera pa EcoCash Lachisanu lililonse mmalo modikira kutha kwa mwezi. Kupempha basi, palibe chimene chinakhazikitsidwa, ndipo komiti ilibe mphamvu yosintha lamulo payokha. Zikanawerengedwa mmene zinalili, anthu akanawomba m'manja osadziwa kuti akuyenera kuvota. Pa zigamulo ndimasiyanitsa aneni awa mosamala kwambiri: inakambirana, inagwirizana, ikupempha, unavomereza, tayamba. Ndi masitepe osiyana ndipo dzina ngati "kukhazikitsidwa" limawaphwanya onse kukhala amodzi.

Ndime ija itatha kukonzedwa inamveka chonchi:

"Chaka chino tinathandiza pa maliro 7. Mabanja anayi tinawalipira madola 300 pasanathe masiku awiri monga malamulo athu amanenera, koma atatu a mu Julayi ndi Ogasiti tinawalipira patatha masiku 6, 9 ndi 12. Tinachedwa chifukwa mamembala 21 sanapereke zopereka za Juni mpaka Ogasiti, zokwana madola 126, komanso otolera a dera limodzi anabweretsa madola 90 pa 31 Ogasiti. Pa 14 Sepitembala komiti ya zachuma inawerenga ndalama, inayerekeza buku ndi malisiti ndipo inapeza kuti zikugwirizana. Komiti ikupempha msonkhano uno kuti uvomereze zoti otolera azitumiza ndalama kwa msungichuma Lachisanu lililonse."

Yatalika kuposa poyamba, eya, ndipo musadabwe nazo. Anthu amaganiza kuti kuchotsa mayina olemera kumafupikitsa lipoti, nthawi zina kumatero koma kawirikawiri mneni akabwera amaitana manambala ndi masiku amene anasowa aja. Ulemu wa lipoti sunachoke, palibe mawu achipongwe kapena a mumsewu mmenemo.

Sikuti chachikasu chilichonse ndimachichotsa. Mitu ya magawo ngati "Kayendetsedwe ka chuma" ndimaisiya, mutu ntchito yake ndi kutchula nkhani basi. Mizere ya mu bajeti nayonso imakhala mayina, zopereka, chithandizo cha maliro, mayendedwe. Mawu amene ali m'malamulo athu sindiwasintha chifukwa ukawasintha wina adzati ndi chinthu china. Ndipo pamene wochita sakudziwikadi, monga mipando imene inasowa pa maliro ena, ndimalemba kuti "mipando 4 inasowa ndipo sitinapeze amene anaitenga", osati kupeka munthu kuti chiganizo chikhale ndi mwini. Chimene ndimapewa ndi kuthawira ku "zinachitidwa", "zinaonedwa", "zinagwiridwa", poti pamenepo wachotsa dzina koma wochita wabisalabe, mneni alipo koma funso la ndani silinayankhidwe.

Ndikamaliza ndimabweza gawo lililonse kwa amene analilemba lisanapite kokapulinta, chifukwa tsopano ziganizo zikunena kuti iwo anachita chakuti tsiku lakuti ndipo ayenera kuvomereza kuti ndi zoona. A komiti ya chisamaliro anandikonza pamalo amodzi, ndime yawo inkati "tinayendera odwala" koma anati awiri mwa odwalawo anangowaimbira foni chifukwa ali ku Norton, ndiye tinalemba aneni awiri, tinayendera asanu, tinaimbira foni awiri. Kenako ndimawerengera mokweza mayi tcheya ndime imodzi imodzi, ndikaima iwo amandiuza amene anachita, chimene anachita ndi tsiku lake osayang'ana pepala, akakakamira penapake ndimapakanso chikasu nkubwerera ku maminitsi. Akadutsa ndime zonse amasaina, ine nkusainanso, lipoti nkupita kokapanga makope a msonkhano.