Chikwama cha alamu chatha, ndipo sindinawafunse funso ngakhale limodzi

Chikwama chija chachoka pa makina, mwini wake watenga kale. Pempho lake linali lalifupi kwambiri: “Alamu, mukapeza mpata mudzandisokereko kachikwama kolowa zinthu zanga.” Basi. Sanatchule kukula kwake, mtundu wa nsalu, kapena zinthu zimene akufuna kuikamo.

Amene mumasokera abale mukudziwa zimene zimachitika mukayamba kufunsa. Chachikulu bwanji? Mmene mungaonere. Malamba aatali kapena aafupi? Alionse. Zipi? Ndikuuzani mawa. Mawa lakelo silifika, ndipo chikwama sichisokedwa. Munthu si kuti akukuvutitsani dala ayi. Ambiri sadziwa kuti masentimita 40 amaoneka bwanji paphewa, koma mukawapatsa chinthu m'manja, nthawi yomweyo amakuuzani kuti apa patalika, apa pachepa. Ndiye ndinangotenga bedishiti yakale yomwe inang'ambika pakati, n'kusoka choyeserera madzulo omwewo. Chikanalakwika, chotayika chinali nsalu yomwe inali yotayidwa kale ndi ulusi pang'ono.

Miyeso ndinasankha ya chikwama wamba cholowa mapepala a A4, amene ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, poti pafupifupi aliyense amanyamula kope kapena fayilo tsiku lina. Ndinadula zidutswa ziwiri, chilichonse masentimita 42 m'lifupi ndi 47 m'litali. Msoko uliwonse ukudya sentimita imodzi, mpendero wa kukamwa ukudya 4 (kupinda imodzi, kenako atatu), ndiye chikagona pansi chimatsala 40 m'lifupi ndi 42 m'litali. Malamba awiri, lililonse masentimita 65, oti apite paphewa. Zonse ndinasoka ndi msoko wotalikirana, wa mamilimita 4 kapena 5, wopanda kubwerera kumapeto, kuti ndikakoka ulusi wa pansi usololoke wokha.

Chimene chinandidyera nthawi yambiri poganiza ndi thako la chikwama. Kuti chikwama chiziima, timapanga makona a pansi, ndipo njira imene ambiri timakonda ndi yodula kabokosi pa kona iliyonse tisanasoke. Mukadula kabokosi ka masentimita 5, mumapeza thako lokwana pafupifupi 10. Ndi njira yaukhondo, koma sizasi ikadutsa, nkhani yatha. Mukhoza kukulitsa thakolo podula zambiri, koma kulichepetsa n'kosatheka, nsalu ija yapita. Ine sindinkadziwa ngati alamu akufuna chikwama chonenepa kapena chopyapyala, choncho ndinagwiritsa njira inayo: kusoka m'mbali ndi pansi kaye, kufunyulula kona kuti msoko wa m'mbali ugone pamwamba pa msoko wa pansi, kuyeza masentimita 5 kuchokera kunsonga, kulemba mzere ndi choko n'kusoka pamenepo. Mzerewo umakhala wa masentimita 10. Kakhutu kotsala kaja sindinakadule, ndinangokapindira mkati.

Apa m'pamene ndaphunzira kasankhidwe ka miyeso yongoganizira. Sikuti ungotenga wapakatikati uliwonse. Umasankha mbali imene ingathe kubwezedwa. Lamba lalitali limafupikitsidwa, lalifupi limafuna kusoka lina. Kona yosadula imamasulidwa. Mpendero wongosita ndi simbi n'kugwiriza ndi msoko wotalikirana umatsika kapena kukwera mosavuta. Ukatero, kusafunsa sikukhala kuchita zinthu mwaphuma, chifukwa yankho lililonse limene munthu angabweretse lili ndi malo ake.

Musaiwalenso kuti thako limaba nsalu. Chikwama cha 40 m'lifupi chikapatsidwa thako la 10, pansi pake pamatsala 30, ndipo kutalika kumatsika kuchoka pa 42 kufika pa 37. Fayilo yoimirira imalowa bwinobwino, koma yogona cham'mbali imangothina.

Nditawapatsa ndinangonena mawu ochepa: “Ichi n'choyeserera chabe, alamu. Ndaganiza kuti muzinyamula paphewa ndipo muziikamo mapepala. Ikanimo zinthu zanu muyende nacho tsiku limodzi, mundiuze chomwe chikukunyansani.” Mawu amenewa ndi ofunika. Popanda iwo munthu amaganiza kuti mwamaliza, amathokoza mwaulemu, n'kukachiika pansi pa sutikesi. Ndiponso funso loti chikukunyansani n'chiyani limayankhika msanga kuposa loti mwachikonda kodi.

Mayankho anabwera tsiku lotsatira, omveka bwino kuposa amene ndikanapeza pofunsa. Malamba atalika, chikwama chikumenya m'chiuno. Thako lakula, botolo la madzi likumangogwa n'kugona pansi. Makiyi akusowa mkati, pakufunika kathumba. Za kathumbako sindikanafunsa n'komwe, ndipo iwonso sakanaganiza mpaka ataima pakhomo n'kumapapasa. Ndinamasula makona n'kusokanso pa masentimita 3 kuchokera kunsonga, thako linakhala la 6, pansi 34, kutalika 39. Malamba ndinawatsitsa kufika pa 55. Atayesanso anavomera, ndipo m'pamene ndinakhudza kanivasi yosokera chikwama chenichenicho.

Kanivasiyo inali yotsala pa chovundikira makina chimene ndinasoka chaka chatha. Ndiyo inabweretsa vuto limene bedishiti sinandichenjeze. Choyeserera cha nsalu yofewa chimakuuza za miyeso, koma sichikuuza kanthu za kukhuthala. Pamene lamba lopindidwa kanayi likukumana ndi mpendero, makina anayamba kudumpha misoko, ulusi wa pansi n'kumapanga chisa. Ndinayeretsa pa bobini, ndinalowetsanso ulusi, ndinasintha kakokedwe, osatheka. Masiku anapita ndikulimbana ndi msoko umodzi wa kabokosi wolimbitsira lamba. Zinatheka nditachotsa singano ya 90/14 n'kuika ya jinzi ya 100/16, kuphwanya pokhuthalapo ndi hamala mopepuka, ndi kuika kansalu kopinda kumbuyo kwa phazi la makina kuti lisapendekeke pokwera. Phazi likapendekeka siligwira nsalu bwino, nsalu imakwera limodzi ndi singano, ndipo ulusi wa pamwamba sukodwa pansi. Msoko ndinautalikitsa kufika pa mamilimita 3 ndipo pokhuthala zedi ndinkazungulitsa gudumu ndi dzanja. Ulusi wotchipa uja wa ubweyaubweya ndausiyiratu. Amene amandigulitsa masingano anandiuza kalekale, ndipo ankanena zoona.

Wina asatenge nkhaniyi n'kukadula nsalu ya mwini osafunsa. Alamu akanabwera ndi nsalu yawo imene anaisunga, ndikanafunsa zonse ndisanagwire sizasi. Chovala chimafuna tepi pathupi la munthuyo, palibe kuganizira. Dzina lopeta pa chikwama limafuna kuti mwini wake alembe yekha papepala, chifukwa kumasula zopeta kumasiya mabowo. Akananena kuti n'cha laputopu, ndikanafunsa funso limodzi lokha, la kukula kwake, poti sentimita imodzi ikaperewera chikwama chonse chilibe ntchito. Ndimangodzifunsa kuti ndikaphonya, chiwonongeke n'chiyani, nanga n'cha ndani. Pano chinali bedishiti yanga ndi madzulo amodzi.

Pateni ndaikopera pa katoni, miyeso yoyamba ndi yachiwiri yomwe, kuti wina akadzanena “kachikwama” ndidzangoyambira pomwepo. Ndikuganiza zoyesa china chokhala ndi layiningi ndi zipi yobisika, mwinanso chikwama cha kumsana chokhala ndi pansi pa chikopa, ngati makinawa angalole. Mwana wa achemwali wanenanso za epuloni, osatchula kuti ya kukhitchini kapena ya ku galaja. Bedishiti ija theka lake likadalipo.