Tsiku limene miyendo inandikana pamaso pa apongozi

Kwa miyezi isanu ndi itatu ndinkanyamula zitsulo masiku atatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuseri kwa nyumba ina ku Ndirande kumene zolemera zake ndi simenti youmbira m'zitini ndi zitsulo zakale za galimoto. Zinthu zinkayenda bwino, ndipo masikwati a makilogalamu 60, aja onjuta n'kudzuka chitsulo chili paphewa, ndinkawachita kasanu ndi katatu popanda kulira. Chimene chinandisokoneza mutu ndi chinkhoswe changa, chifukwa kutatsala masabata asanu ndi limodzi ndinadziyang'ana pagalasi n'kugamula kuti malaya amene ndinasoketsa akufunika munthu wodzaza kuposa ine. Masamu anga anali akuti ngati masiku atatu apereka mnofu wotere, masiku asanu ndi awiri apereka woposa kawiri.

Sabata yoyamba thupi linaphwanya, koma sindinadabwe, popeza ululu wa minofu umafika pachimake pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu kenako n'kuzilala. Wangawu sunazilale, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkauthirira wina pamwamba. Pofika sabata yachitatu, chitsulo chomwe chija cha makilogalamu 60 ndinkachikweza kasanu kokha, mwakuti ndinafunsa mwini malowo ngati anawonjezera simenti usiku. Atakana, ndinati vuto ndi ulesi, ndipo ndinaulanga powonjezera maseti awiri, ndiko kuti maulendo ena awiri onyamula chitsulocho.

Kenako tulo tinathawa. Ndinkagona ndili wotopa ngati ndalima munda wonse, koma pakati pa usiku maso anali gwa, ndikuwerenga malata. Nsima ndinayamba kusiya m'mbale, zimene mlongo wanga anati sanazionepo chibadwire, chimfine chinandikakamira osachoka, ndipo tsiku lina ndinakalipira kondakitala chifukwa chongondifunsa kumene nditsikire.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Ankhoswe ananditenga kuti ndikapereke moni kwa akuluakulu akuchikazi amene anakhala pamkeka, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti ndinaleredwa, ndinanjuta pansi mwaulemu wonse n'kupereka dzanja. Kutsikako kunayenda bwino ndithu. Moni utatha ndinauza ntchafu kuti tinyamuke, koma zinangonjenjemera osayankha. Ndinafunsanso apongozi aakazi za ulendo, za mvula, ndi za mbuzi zimene sindinkadziwa ngati ali nazo, uku ndikuyesa mwakachetechete kudzikankha ndi chala pansi. Gogo wina anayamikira mokweza kuti ana aulemu wotere anatha kale. Nditayesa komaliza ndi mphamvu zonse, ndinagwa chagada miyendo m'mwamba, ndipo amalume anga awiri anandinyamula m'khwapa ngati thumba la chimanga, amayi akuimba nthungululu poganiza kuti ndi mbali ya mwambo wa kwathu.

Amene anandimasulira nkhaniyi ndi msuweni wa mkazi wanga, yemwe wanyamula zitsulo kwa zaka zambiri. Atamaliza kuseka anati, “Alamu, mnofu sukula mukamanyamula ayi, umakula mukamapuma ndi kugona.” Anafotokoza kuti gulu la minofu limene lagwira ntchito yolemetsa limafuna maola pafupifupi 48 lisanalemetsedwenso, choncho munthu wongofuna thanzi amene amalimbitsa thupi lonse nthawi imodzi, masiku awiri kapena atatu pa sabata amamukwanira. Wofuna masiku anayi agawe, lero chifuwa, msana ndi manja, mawa miyendo, ndipo ngakhale wozolowera kwambiri asiye tsiku limodzi kapena awiri osakhudza chitsulo.

Chizindikiro chimene iye amachikhulupirira kwambiri si ululu, koma kuchepa kwa mphamvu: ngati cholemera chomwecho chikukugonjetsa maulendo awiri kapena atatu otsatizana, thupi silinamalize kudzikonza. Anandiphunzitsanso kuwerenga kugunda kwa mtima m'mawa ndisanadzuke, ndipo tsiku lotsatira ndinapeza 73 pa mphindi, pamene kale kuchipatala ankandipeza ndi 62. Anawonjezera, nkhope itasintha, kuti ndikadzaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi minofu yotupa, ndisadzati ndipuma kaye koma ndithamangire kuchipatala, chifukwa minofu yowonongeka kwambiri imavulaza impso.

Ndinapuma masiku khumi, ndikungoyenda pansi ndi kugona maola asanu ndi atatu, ndipo mtima unabwerera pa 63. Ndinayambiranso ndi makilogalamu 40 masiku atatu aja, ndipo patatha mwezi ndinakweza 65, amene m'masabata onse a khama lija sindinawafikepo. Kwa apongozi kokha n'kumene mbiri yanga sinachire, moti mpaka lero ndikangotulukira pachipata amatuma mwana kuti athamangire mpando ndisanayambe moni.