Zimene ndinaphunzira polemba chilengezo cha ntchito ya wolandira alendo

Pa maphunziro athu a kayendetsedwe ka ofesi kuno ku Chipata m'dziko la Zambia, aphunzitsi anatipatsa ntchito yolemba chilengezo chofuna wolandira alendo pa loji yongoyerekezera. Ine ndinalemba kuti tikufuna munthu waulemu, wodziwa zilankhulo zingapo, ndipo malipiro ndi abwino. Aphunzitsi anandibwezera pepalalo ndi funso limodzi: kodi mtsikana wa ku Lundazi akaliwerenga angadziwe ngati n'koyenera kuwononga ndalama yokwerera basi kuti abwere kudzayesedwa?

Polembanso ndinatchula ntchitozo ndi maina ake, monga kuyankha foni, kulemba alendo m'buku, kulandira ndalama ndi kupereka risiti. Ndinaonjezera kuti ntchito ndi ya maola 48 pa sabata mosinthana, kuphatikizapo Loweruka ndi usiku wina, chifukwa mayi wa mwana wamng'ono ayenera kudziwa zimenezi asanapemphe ntchito.

Pa zilankhulo ndinasiyanitsa kulankhula ndi kulemba. Chingerezi chikufunika polankhula ndi polemba, popeza alendo opita ku Mfuwe amasungitsa zipinda polemba uthenga, pamene Chichewa chikufunika polankhula ndi anthu a kuno komanso ochokera ku Malawi kudzera pa malire a Mwami. Chitumbuka, Chinsenga ndi Chibemba ndinati n'zothandiza koma si zokakamiza.

Pamene panandivuta kwambiri ndi pa malipiro, chifukwa ndinkaganiza kuti kulemba K3,800 pa mwezi ndiye kunena zoona konse. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiigawe ndalamayo, ndipo inakhala motere: malipiro enieni K2,600, ya nyumba K780, ya mayendedwe ndi chakudya chamasana K420. Pa K3,800 yonseyo wantchito amadulidwa 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA, yomwe ndi K190, ndipo pa malipiro enieni okha amadulidwa 1 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, yomwe ndi K26. Msonkho wa PAYE sumukhudza, popeza kuyambira mu 2024 umayambira pa ndalama zopitirira K5,100 pa mwezi. Zikatero amapita kunyumba ndi K3,584. Kusiyana kwa K216 kungaoneke kochepa kwa wolemba ntchito, koma kwa munthu amene wagwirizana kale lendi ya chipinda ku Kapata akuyembekezera K3,800, ndi chiyambi cha mkangano pa mwezi woyamba. Ndinaonanso kuti kulemba chiwerengero chachikulu chokha kumabisa malipiro enieni, pamene ndalama za maola owonjezera zimawerengedwa kuchokera pa malipiro amenewo.

Chomaliza chimene ndinaiwala chinali nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la 2019 limalola miyezi 3, yomwe ingawonjezedwe ndi ina 3, choncho ndinaika mzere wonena kuti nthawiyo ndi miyezi 3 ndipo malipiro ake ndi omwewo a K3,800.