Sabata ya kala-aza ku labotale

Lolemba anatibweretsera magazi a mnyamata wa zaka 11, mbusa wa mbuzi wochokera ku West Pokot, kumpoto chakumadzulo kwa Kenya. Thupi linali litatentha kwa mwezi wathunthu, mwana atawonda, kapamba atatupa mpaka pa mchombo. Mankhwala a malungo anamwa kawiri osaphula kanthu, ndipo ifenso malungowo sitinawapeze. Kutentha thupi kopyola masabata awiri, kapamba wotupa, malungo palibe: zikakumana zitatuzi m'dera ngati limeneli, timaganiza msanga za kala-aza, lishimaniyasisi ya m'kati mwa thupi. Tizilombo take timakhazikika m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa, ndipo munthu akapanda kulandira mankhwala pafupifupi nthawi zonse amafa.

Ndinadontheza magazi pa kachipangizo ka rK39. Panatuluka mzere umodzi wokha, kusonyeza kuti palibe. Apa m'pamene odwala ambiri amatayika. Kachipangizoka sikaona kachilombo, kamangofufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Ku India sikaphonya kawirikawiri, koma kum'mawa kwa Afirika kamadumpha odwala ena ndithu. Ndinapita ndekha kukauza adokotala kuti, "Musamutulutse mwanayu, tiyese DAT."

DAT ndi yofuna kudekha. Madzi a m'magazi timawasungunula mowirikiza m'timaenje ta mbale yapulasitiki, kuthiramo tizilombo takufa topakidwa utoto wabuluu, n'kusiya usiku wonse. M'mawa mwake kadontho kothithikana pansi pa kadzenje ndiye kuti palibe, pamene buluu woyalika ngati mphasa ndiye kuti asilikali alipo. Wa mnyamatayu anayalika mpaka pa kadzenje ka 1:1600, kosungunulidwa ka 1,600. Ife timavomereza kuyambira 1:3200, choncho anatsala pakatikati, ndipo njira inatsala inali yobaya kapamba n'kuona kachilombo ndi maso.

Kubaya kapamba sitichita mwachisawawa, chifukwa munthu angathe kutayira magazi m'mimba. Tinayamba tayeza mapulatileti, tizigawo tothandiza magazi kuundana, n'kupeza 62,000, pamwamba pa 40,000 amene ali malire, mlingo wa kuchuluka kwa magazi uli pa 7. Lachitatu adokotala anabaya, singano kulowa ndi kutuluka nthawi yomweyo, anamwino n'kuyamba kulondera kuthamanga kwa magazi. Ine ndinapaka kadonthoko pa kagalasi, kuumitsa ndi methanolo, kuthira utoto wa Gimusa. M'maselo akuluakulu munali timibulu todzaza, kalikonse kotalika mamaikuloni 2 mpaka 4, kali ndi phata lozungulira ndiponso kandodo kakang'ono pambali pake, kinetopulasiti. Kandodoko ndimakafufuza nthawi zonse, pakuti fangasi wa hisitopulasima amaoneka chimodzimodzi koma iye alibe. Madzulo omwewo mwana anayamba jakisoni wa mankhwala a sodiyamu sitibogulukoneti, SSG mwachidule, pamodzi ndi paromomaisini, wa masiku 17.

Bambo ake atandifunsa kumene matendawa anachokera, ndinawafunsa kumene mwana amakhala dzuwa likamalowa. Anati amakonda kusewera ndi kugona pafupi ndi zulu za chiswe. M'dera lawo kantchentche kofalitsa matendawa kamabisala m'mabowo a zulu zomwezo, muli chinyontho ndi mthunzi. N'kakang'ono, mamilimita 2 kapena 3, kaubweya, kakatera mapiko amaima m'mwamba. Sikalira pouluka, kamangodumphadumpha chapansipansi, ndipo koluma n'kakakazi, kuyambira chisisira mpaka mbandakucha. Mazira kamaikira m'dothi lachinyontho la zoolerana, osati m'madzi, n'chifukwa chake kukwirira zithaphwi sikukakhudza. Neti yopanda mankhwala kamatha kudutsa m'maso mwake.

Lachinayi kunabwera mayi ali ndi chilonda pa tsaya, cha miyezi inayi, chosapweteka, m'mphepete motukuka, pakati pali nkhanambo. Wophunzira wathu anatenga kale rK39 kuti ayeze, ndinamuletsa. Lishimaniyasisi ya pakhungu imakhala pomwe kantchentche kanaluma, asilikali m'magazi amakhala ochepa, ndiye kuyeza magazi n'kutaya chipangizo. Tinatsuka chilonda, kuchotsa nkhanambo, kutsina khungu mpaka litayera kuti magazi asasokoneze, kenaka kupala ndi kampeni m'mphepete motukukamo. Pakati pa chilonda mumangopezeka mafinya ndi mabakiteriya. Tizilombo tinaoneka pa kagalasi kachiwiri, tochepa kwambiri. Chilonda chikakhalitsa timachepa chomwecho, ndipo tikasowa pa galasi timatumiza zopalazo kukayezedwa ndi PCR, njira yofufuza chibadwa cha kachilombo.

Lachisanu anatitumizira bambo amene ali ndi kachilombo ka HIV, yemwe anachira kala-aza chaka chatha, thupi litayambanso kutentha. Pa pepala analemba kuti tiyeze rK39. Ndinalibweza, chifukwa asilikali aja amakhalabe m'magazi zaka zingapo munthu atachira, ndipo mizere iwiri singasiyanitse matenda akale ndi obwereranso. Mapulatileti awo anali 28,000, kapamba sakanabayidwa, choncho ndinapempha adokotala atenge mafuta a m'fupa la m'chiuno.