Azakhali ndi tsamba lawo la mitengo ya usipa

Azakhali anga amagulitsa mpunga ndi usipa pa Kamuzu Road ku Salima. Mpunga amakaoda cha ku Lifuwu, usipa amakatenga kumadooko a ku Senga Bay. Makasitomala awo ogula zambiri safika n'komwe pabenchi pawo. Ali ku Lilongwe, amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kukwezedwa minibasi. Anthu amenewa saona katoni yolembedwa mitengo, choncho amafunsa pa WhatsApp, ndipo funso ndi lomwelomwelo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa: "Amayi, usipa uli pa bwanji?" Azakhali ankayankha dzanja lina lili mu thumba la mpunga, winanso ataima patsogolo pawo kudikira chenji. Mauthenga ena ankagona osayankhidwa, mwiniwake n'kukagula kwina.

Ine ndikuphunzira za makompyuta, ndipo teremu imeneyo tinali titangoyamba HTML, njira yolembera masamba a pa intaneti. Nditabwera kutchuthi ndinawauza kuti nditha kuwapangira tsamba la pa intaneti loti aliyense aziona yekha mitengo. Anakana.

"Iwe mwanangu, mawa ubwerera kusukulu. Mwera ukawomba usipa n'kukwera, ndizikuimbira uli m'kalasi? Undionetse, ndipange ndekha."

Kukana kumeneku ndi kumene kunandiphunzitsa kwambiri, chifukwa tsamba loti mwiniwake azilikonza yekha pa foni, ali pamsika, limayenera kupangidwa mosiyana ndi lija timapanga kuti aphunzitsi atipatse malikisi.

Tisanakhudze foni tinakhala pansi ndi kope. Ndinawapempha atsegule mauthenga akale tione zimene anthu amafunsa kwenikweni. Zinaoneka kuti funso la mtengo siliyenda lokha. Ukayankha kuti "20,000", munthu amafunsanso kuti "cha chiyani?", popeza usipa umagulitsidwa pa mulu, pa chigoba cha malita 5 ndi pa ndowa ya malita 20. Ukamuuza muyezo, afunsa ngati ndi wofutsa kapena wongoyanika padzuwa, kapena ndi bonya. Kenako afunsa ngati ndalama ya minibasi ili momwemo. Uthenga umodzi umabala ena atatu, ndipo nthawi ya azakhali inkathera pamenepa. Tinagwirizana kuti mzere uliwonse pa tsambalo uzitchula mtundu wa katundu, muyezo wake ndi mtengo, ndipo pansi pakhale chiganizo chimodzi chonena kuti yaminibasi amalipira wogula. M'kalasi tinkayamba ndi mitundu ya utoto ndi zithunzi, zolembazo n'kudzaika pomaliza ngati zongodzazira malo. Kwa azakhali zolembazo ndizo zinali ntchito yonse.

Tsamba lenilenilo ndi fayilo imodzi yotchedwa `index.html`. Nayi mmene inayambira, mitengoyi ndi yachitsanzo chabe:

```html
<!DOCTYPE html>
<html lang="ny">
<meta charset="utf-8">
<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">
<title>Mpunga ndi usipa, Salima</title>
<h1>Mitengo</h1>
<p><b>Yasinthidwa Lolemba, 14 Julayi</b></p>
<p>Usipa wofutsa, chigoba cha malita 5: K20,000</p>
<p>Mpunga wa Faya, 1 kg: K4,000</p>
<p>Yaminibasi amalipira wogula.</p>
</html>
```

Azakhali anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye ndi katoni ija timalembapo mitengo, kungoti yatchingidwa ndi timipanda." Sindinawonjezerepo kanthu. Ndinangowaonetsa kuti `<p>` amatsegula mzere ndipo `</p>` amautseka, ndi kuti iwo azisintha zapakati zokha. Kusukulu akanandiuza kuti ndigwiritse ntchito `<table>`, ndipo n'zoona kuti mitengo imaoneka mwadongosolo mu tebulo. Koma mzere umodzi wa tebulo uli ndi timipanda tambiri, ndipo kufufuta kamodzi mwangozi ndi chala pa sikilini yaing'ono kumasokoneza mizere ina. Mzere wa `<p>` ukaonongeka, ena onse amawerengekabe. Tinasankha chimene sichivuta kukonza.

Mizere iwiri ya `meta` ija sioneka pa tsamba, koma ukaichotsa umadziwa msanga. Wa `viewport` umauza foni kuti iyale tsambalo molingana ndi kukula kwa sikilini yake. Popanda umenewu foni imaliyala ngati ili pa kompyuta, zilembo n'kukhala zing'onozing'ono zoti mpaka uzikoke ndi zala ziwiri. Wa `charset` umathandiza kuti zilembo zina, monga ŵ ya mu Malaŵi, zisasanduke zizindikiro zachilendo.

Kuti fayiloyi ionekere kwa anthu imafunika pokhala. Tinagwiritsa ntchito GitHub Pages, yomwe salipiritsa ngati malo osungiramo fayilo, omwe pa sikilini amalembedwa `repository`, ali oonekera kwa aliyense. Azakhali anatsegula akaunti ndi imelo yawo, osati yanga, ndipo ichi ndinachiumirira, chifukwa tsamba la bizinesi likakhala m'dzina la mwana wa mchimwene, tsiku lina mwiniwake amadzapezeka alibe kiyi wa sitolo yake. Ukapatsa malowo dzina la akaunti yako lotsatana ndi `.github.io`, n'kuikamo `index.html`, adiresi ya tsamba imakhala yomweyo. Ngati silikutseguka, umalowa pa `Settings`, kenako `Pages`, n'kuonetsetsa kuti pasankhidwa `main`. Posintha mtengo amatsegula fayiloyo mu Chrome, kudina kapensulo, kusintha nambala, kenako kudina `Commit changes`. Mawu onsewa ndi a Chingerezi, koma ndi ochepa, ndipo anawalemba kuseri kwa kope la ngongole motsatana.

Mzere umene ndimaunyadira kwambiri pa tsamba lonselo ndi wa tsiku, ndipo anauganiza ndi iwowo. Mtengo wa usipa suchedwa kusintha. Miyezi yozizira mwera ukalimba asodzi salowa panyanja, usipa umasowa, mtengo n'kukwera. Mwezi ukawala usiku nyali za asodzi sizikoka nsomba bwino, ndipo padooko pamafika zochepa. Palinso zinthu ngati zija za mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, pamene mtengo wa chilichonse unasintha m'masiku ochepa. Mtengo wopanda tsiku umadzetsa mkangano: munthu atumiza ndalama ya sabata yatha, iwe n'kumuuza kuti awonjezere, iye n'kumaona ngati wamubera. Lamulo la azakhali ndi lakuti Lolemba lililonse amasintha tsikulo ngakhale mitengo isanasinthe, kuti woona adziwe kuti mwiniwake wadutsapo.

Tsikuli linathandizanso pena pomwe sitinayembekezere. Ukasintha fayilo, tsamba silisintha pompopompo. Zimatha kutenga mphindi mpaka khumi, ndiponso foni imasunga tsamba lakale kuti isamalitsitse kawirikawiri. Kasitomala akanena kuti waona K18,000 pomwe iwo alemba K20,000, azakhali samukanira. Amamufunsa kuti, "Pamwambapo palembedwa tsiku lanji?" Akatchula lakale, amamuuza akokere tsambalo pansi ndi chala kuti litsegukenso.

Pansi pa mitengo tinaika linki yobwezera munthu ku WhatsApp, pakuti malonda enieni amathera kumeneko:

```html
<a href="https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20usipa">Odani pa WhatsApp</a>
```

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Nambala imayamba ndi 265, popanda chizindikiro cha +, popanda mipata, ndipo 0 woyamba uja amachotsedwa, kutsala manambala 9. Ukapanda kuchotsa 0, WhatsApp imanena kuti nambalayo siikupezeka. `%20` amaimira mpata pakati pa mawu, ndipo zolembedwa pambuyo pa `text=` zimakapezeka zitalembedwa kale mu uthenga, wogula n'kungowonjezera kuchuluka kwake. Njira yoyesera ndi kutsegula linkiyo pa foni ya munthu wina, osati pa yako.

Pa zithunzi tinatsutsana. Iwo ankafuna chithunzi cha katundu aliyense, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka, popeza usipa munthu amagula ndi maso. Koma chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kulemera 3 MB, pomwe zolemba za tsamba lonse sizifika ngakhale 5 KB. Zithunzi zisanu zotere zidya 15 MB za bandulo ya kasitomala kuti angoona mtengo, ndipo netiweki ikafooka atseka tsambalo lisanamalize kutseguka. Tinakumana pakati: chithunzi chimodzi cha usipa uli mu chigoba chenichenicho chimene amayezera, chochepetsedwa kufika pansi pa 100 KB, n'kuikidwa pansi pa mitengo kuti manambala azioneka kaye. Chithunzi cha chigobacho chinayankha funso lina lomwe anthu amachita nalo manyazi kufunsa, loti chimadzazidwa mpaka pati.

Ndiye panabwera chinthu chomwe palibe phunziro la m'kalasi linanditchulirapo. Azakhali anayamba kuyankha funso la mtengo potumiza linki, ndipo anthu ena ankabweza kuti, "Amayi, sikutseguka." Tsamba linali bwinobwino. Vuto linali loti anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, yomwe sitsegula masamba ena a pa intaneti. Chizindikiro chake n'chosavuta: mauthenga akudutsa, koma tsamba lina lililonse likukana pa foni yomweyo. Palibe chimene ungalembe mu HTML chothetsa zimenezi. Azakhali anapeza njira okha. Lolemba akatha kusintha mitengo amajambula sikilini ya tsambalo, chithunzicho n'kuchiika pa sitetasi ndi kuchitumiza kwa aliyense wopanda bandulo yokwanira. Popeza tsiku lili pamwamba, chithunzicho chikazungulira m'magulu mpaka mwezi wamawa, chimadzinenera chokha kuti n'chakale.

Mnzanga wina wa m'kalasi anandifunsa chifukwa chimene sitinangogwiritsa ntchito katalogi ya mu WhatsApp Business, yomwe imaonetsa katundu ndi mitengo mkati mwa WhatsApp momwemo. Funso lake n'labwino, ndipo kwa wamalonda amene makasitomala ake onse ali pa WhatsApp ndingamulangize ayambe ndi imeneyo. Azakhali anasankha tsamba chifukwa limatseguka kwa aliyense wokhala ndi adiresi, ngakhale wa pa kompyuta ya ku ofesi amene amaodera anzake, ndiponso mitengo yonse imaoneka pamodzi pa sikilini imodzi, yosavuta kujambula.

Mtengo wa opikula sanaulembe. Wogula ndowa zingapo amanenerera, ndipo mtengo wake umatengera kuti ndi ndani, amagula kangati, ndipo amalipira msanga kapena ayi. Pa tsambalo pali mzere wongoti "Opikula, tilankhulane." Mauthenga sanathe, koma ambiri tsopano amayamba ndi "Ndikufuna zigoba zitatu", ndipo amenewo azakhali amawayankha mosangalala. Funso latsopano limene layamba kubwera kawirikawiri ndi loti usipawo unayanikidwa pa thandala kapena pamchenga, ndiye Lolemba lapitali anawonjezera okha mawu oti "wa pa thandala, wopanda mchenga" pa mzere wa usipa.